Lamulo la Ofusayidi ndi Tanthauzo la Kulingana

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, phunziro lathu la masewero lero lili pa lamulo limodzi la mpira wamiyendo. M'buku la malamulo a mpira muli malamulo 17, ndipo la ofusayidi ndi la nambala 11. Bungwe limene limasunga ndi kukonza malamulowa limatchedwa IFAB, ndipo matimu onse a pansi pa FAZ kuno ku Zambia amatsata malamulo omwewo. Lamulo limene woyimbira mpira amagwiritsa ntchito pa bwalo la Khosa m'tauni ya Kafue ndi lomwelo limene amagwiritsa ntchito pa mpikisano wa dziko lonse lapansi.

Lamuloli ndi lalifupi, koma limautsa mikangano yochuluka. Kawirikawiri mkangano umabuka pa funso ili: wosewera wakutsogolo ataima molingana ndi wotchinga wotsiriza, kodi walakwa kapena ayi? Yankho lake ndi lakuti sanalakwe. Wolingana sali pa ofusayidi. Komatu kuti munthu aweruze bwino za kulinganako, ayenera kudziwa zinthu zitatu: amene tikulingana naye ndani, tikuyesa ndi ziwalo ziti za thupi, ndipo tikuyesa pa nthawi iti. Tizitenga chimodzi chimodzi.

Malo a ofusayidi

Poyamba tigwirizane pa maina a mizere. Mzere wakugolo ndi uja umene umayambira pa mbendera ya pa ngodya imodzi, kudutsa pakati pa mitengo iwiri ya golo, mpaka pa mbendera ya pa ngodya inayo. Mzere wapakati ndi umene umagawa bwalo pawiri. Osewera a timu imene mukupikisana nayo tiwatcha adani, ngakhale kuti udani wake ndi wa pamasewero chabe.

Wosewera ali pa malo a ofusayidi ngati zinthu zitatu izi zachitika pamodzi. Choyamba, ali m'chigawo cha bwalo cha adani. Chachiwiri, ali pafupi ndi mzere wakugolo wa adani kuposa mpira. Chachitatu, ali pafupi ndi mzere womwewo kuposa mdani wachiwiri, powerenga kuchokera ku mzerewo. Chimodzi chokha mwa zitatuzi chikasowa, palibe ofusayidi.

Motero wosewera amene ali m'chigawo cha timu yake sangakhale pa ofusayidi, ngakhale adani onse atakhala kumbuyo kwake. Mzere wapakati weniweniwo suwerengedwa kuti ndi chigawo cha adani, choncho amene wauponda, popanda mutu, thupi kapena phazi lake kuupitirira, ali pabwino. Chimodzimodzinso wosewera amene ali kumbuyo kwa mpira, kapena amene walingana nawo, sangakhale pa ofusayidi. Taganizani za osewera awiri amene adutsa otchinga onse, ndipo kwatsala goloboyi yekha. Ngati amene ali ndi mpira aupereka kwa mnzake amene akuthamanga kumbuyo pang'ono kwa mpirawo, chigoli chimenecho ndi chabwino.

Wotchinga wotsiriza ndani?

Anthu ambiri amati, "Usapitirire wotchinga wotsiriza." Mawu amenewa ndi othandiza, koma si mawu a lamulo. Lamulo silitchula wotchinga, ndipo silitchula goloboyi. Limangowerenga adani awiri. Nthawi zambiri goloboyi ndiye amakhala pafupi kwambiri ndi mzere wakugolo, choncho iye ndiye mdani woyamba, ndipo wotchinga amene ali kumbuyo kwa anzake onse ndiye wachiwiri. Pa chifukwa chimenechi wotchinga wotsiriza ndi mdani wachiwiri amakhala munthu mmodzi yemweyo pa masewero ambiri. Koma goloboyi akachoka pagolo, kawerengedwe kamasintha.

Izi zinaoneka poyera pa 11 Juni 2010, pa masewero otsegulira mpikisano wa dziko lonse ku Johannesburg, pakati pa South Africa ndi Mexico. A Mexico anamenya kona. Goloboyi wa South Africa, Itumeleng Khune, anatuluka pagolo kuti akaugwire mpira, koma sanaupeze. Wosewera wina wa Mexico anaukhudza mpirawo, ndipo unafika kwa Carlos Vela amene anaulowetsa mu ukonde. Pa mzere wakugolo panali pataima Steven Pienaar wa South Africa, motero oonerera ambiri anaganiza kuti chigolicho chinali chabwino, pakuti Vela sanampitirire wosewera wotsirizayo. Koma mbendera inakwezedwa, ndipo chigoli chinakanidwa.

Oyimbira anachita bwino. Tiyeni tiwerenge. Mdani woyamba kuchokera ku mzere wakugolo anali Pienaar. Mdani wachiwiri anali Khune, amene anali atapita kutsogolo. Vela anali pakati pa awiriwo, ndiye kuti anali atampitirira mdani wachiwiri. Masewerowo anatha 1–1. Ana inu, mukaona goloboyi watuluka, musafunefune wotchinga wotsiriza. Yambirani pa mzere wakugolo, muwerenge kuti "mmodzi, awiri," ndipo pamene pali wachiwiriyo ndi pamene pali malire.

Malire amenewa ndi mzere wosaoneka umene umadutsa bwalo lonse m'lifupi, moyenda mofanana ndi mzere wakugolo. Wotchinga amene watsalira kutali, kufupi ndi mbendera ya pa ngodya, amawerengedwa ngakhale mpira uli mbali inayo ya bwalo. Wotchinga amene wagwa pansi amawerengedwanso. Ndipo wotchinga sangathawe lamulo potuluka kunja kwa bwalo popanda chilolezo cha woyimbira, pakuti lamulo limamutenga ngati waima pa mzere umene watulukirapo.

Kulingana

Tsono tafika pa mutu weniweni wa nkhani yathu. Lamulo limati wosewera sali pa malo a ofusayidi ngati walingana ndi mdani wachiwiri, kapena ngati walingana ndi adani awiri otsiriza pamene iwonso aima pa mzere umodzi. Chifukwa chake chili m'mawu aja akuti "pafupi kuposa." Amene walingana ndi mnzake sanamupose.

Sizinali choncho kuyambira kale. M'malamulo oyamba amene analembedwa ku England m'chaka cha 1863, wosewera sankaloledwa kukhala kutsogolo kwa mpira pamene mnzake akuumenya. M'chaka cha 1866 analola kuti akhale kutsogolo malinga ngati pali adani atatu pakati pa iye ndi mzere wakugolo. M'chaka cha 1925 chiwerengerocho anachitsitsa kufika pa awiri, chifukwa otchinga anali atachenjera kwambiri ndipo zigoli zinkachepa. Koma zaka zonsezo wolingana ndi mdani wachiwiri ankatengedwa kuti ali pa ofusayidi. Zinasintha m'chaka cha 1990, pamene bungwe la malamulo linagamula kuti wolingana ali pabwino, pofuna kuthandiza osewera akutsogolo. Choncho agogo anu amene ankaonera mpira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akakuuzani kuti wolingana walakwa, akunena lamulo limene analidziwa pa nthawi yawo, koma lamulo limenelo linatha.

Nanga kulingana timakuyesa bwanji, popeza munthu wothamanga saima njo ngati mtengo? Mwendo wina uli kutsogolo, wina kumbuyo, mutu waweramira uku, mikono ikuuluka. Lamulo limayankha motere: timayang'ana mutu, thupi ndi miyendo mpaka kumapazi. Manja ndi mikono sitiwerenga, ndipo izi zili choncho kwa osewera onse, ngakhale goloboyi amene. Mkono umayambira pa mzere wa kunsi kwa khwapa, choncho nsonga ya phewa ili mbali ya thupi ndipo imawerengedwa. Njira yosavuta yokumbukira ndi iyi: chiwalo chimene wosewera wakutsogolo amaloledwa kugoletsa nacho ndicho chimene chimawerengedwa.

Motero pa wosewera wakutsogolo timatenga chiwalo chake chowerengedwa chimene chili pafupi kwambiri ndi mzere wakugolo. Pa mdani wachiwiri timachitanso chimodzimodzi. Kenaka timayerekeza ziwalo ziwirizo. Chikhoza kukhala chidendene cha wotchinga poyerekeza ndi mphumi ya wakutsogolo, kapena bondo la uyu poyerekeza ndi phewa la uyo. Ngati chiwalo cha wakutsogolo sichinapitirire cha wotchinga, awiriwo alingana. Sipafunika kuti aime phewa ndi phewa, ndipo sipafunikanso kuti pakati pawo paoneke mpata kuti tinene kuti wina wapitirira. Nsonga ya nsapato yokha ikapitirira, wapitirira.

Chitsanzo pa bwalo la Khosa

Tiyerekeze kuti matimu awiri a sukulu za ku Kafue akusewera pa bwalo la Khosa, ena avala malaya ofiira, ena oyera. Ofiira ndiwo ali ndi mpira. Mukudziwa kuti mzere wakutsogolo wa bokosi lalikulu uli pa mtunda wa mamita 16.5 kuchokera ku mzere wakugolo. Mzere umenewu utithandiza, chifukwa ndi wooneka ndi maso.

Nambala 8 wa ofiira ali ndi mpira pa mtunda wa mamita 30 kuchokera ku mzere wakugolo. Goloboyi wa oyera waima mamita atatu kutsogolo kwa golo lake, choncho iye ndiye mdani woyamba. Otchinga a oyera alipo awiri pafupi. Nambala 4 ali pa mtunda wa mamita 20. Nambala 5 wafulatira golo lake, akuyang'ana mpira, ndipo chidendene chake chaponda mzere wa bokosi lalikulu. Nambala 5 ndiye mdani wachiwiri, ndipo malire a ofusayidi ali pa chidendene chakecho. Tsopano tiyeni timuike Nambala 9 wa ofiira m'malo anayi, tione chiweruzo chake.

Koyamba, Nambala 9 waima chilili, nsonga ya nsapato yake yafika pamene pafika chidendene cha Nambala 5, ndipo mutu ndi chifuwa zili kumbuyo kwa nsongayo. Apa walingana. Ngakhale atakhala kutali ndi Nambala 5 mamita 15 cha kumbali, chiweruzo sichisintha. Masewero apitirire.

Kachiwiri, mapazi onse a Nambala 9 ali kumbuyo kwa mzere, koma iye wayamba liwiro ndipo waweramira kutsogolo kotero kuti mutu ndi phewa lake zapitirira chidendene cha Nambala 5. Amene akuyang'ana mapazi okha adzati palibe cholakwa. Koma mutu umawerengedwa, choncho Nambala 9 ali pa malo a ofusayidi.

Kachitatu, Nambala 9 ali kumbuyo kwa mzere, koma watambasula mkono kuloza kumene akufuna kuti mnzake aponye mpira, ndipo mkonowo wapitirira Nambala 5. Mkono suwerengedwa. Ali pabwino.

Kachinayi, Nambala 9 wapitirira mzere wa bokosi ndi theka la mita, koma pa nthawi yomweyo Nambala 5 wayamba kutembenuka kuti amuthamangire, ndipo mwendo wake wautambasulira kugolo mpaka phazi lafika theka la mita mkati mwa bokosi. Malire asuntha pamodzi ndi phazilo. Awiriwo alingananso, ngakhale kuti thupi lonse la Nambala 5 likuoneka kuti latsalira. Otchinga ambiri amadandaula pa zotere, osadziwa kuti phazi lawo lomwe ndi limene lamupulumutsa mdani wawo.

Nthawi yoyesera

Zonse zimene tanenazi timaziyesa pa kamphindi kamodzi kokha: pamene mnzake wa wosewerayo wayamba kuukhudza mpira pomupatsira, kaya ndi phazi, mutu kapena chifuwa. Sitiyesa pamene mpira wafika. Apa ndi pamene oonerera ambiri amasokonekera, pakuti maso a munthu amatsata mpira, ndipo amafika kwa wolandira mochedwa.

Tibwerere ku chitsanzo chathu. Tinene kuti Nambala 9 analingana ndi Nambala 5 pamene Nambala 8 ankamenya mpira, ndipo anali kale pa liwiro la mamita 7 pa sekondi imodzi. Mpira watenga sekondi imodzi kuti ufike. M'sekondi yomweyo Nambala 5, pofuna kumutchera msampha, wayenda mamita awiri kutsogolo, kuchoka kugolo lake. Pamene mpira ukufika, pakati pa awiriwo pali mamita 7 kuwonjezerapo mamita awiri, ndiwo mamita 9. Oonerera adzafuula kuti ndi ofusayidi yoonekeratu. Koma pa nthawi imene mpira unkamenyedwa analingana, choncho palibe mlandu.

Zimachitikanso mosiyana. Wosewera akhoza kukhala pa malo a ofusayidi pamene mnzake akumenya mpira, kenaka nkubwerera msanga kudzaulandira ali pakati pa otchinga. Oonerera saona cholakwa, koma iye walakwa, chifukwa kubwerera sikufafaniza malo amene anali pa nthawi ija. Ndiponso zilibe kanthu kuti mpira wamenyedwera kutsogolo, cham'mbali kapena kumbuyo. Chimene chimayesedwa ndi malo a wosewera, osati njira ya mpira.

Luso la wosewera wakutsogolo lagona pa kamphindi kameneka. Patson Daka ndi Enock Mwepu, amene onse anasewerapo mu timu ya Kafue Celtic, anali m'gulu la achinyamata osapitirira zaka 20 limene linatengera Zambia chikho cha Afrika mu Lusaka m'chaka cha 2017, ndipo pambuyo pake anaseweranso limodzi ku Salzburg m'dziko la Austria. Mwepu ankasewera pakati, kumene mpira umaperekedwera, ndipo Daka anatchuka ndi liwiro lothamangira kumbuyo kwa otchinga. Wosewera wotere saima kudikira mpira. Amayamba kuthamanga cham'mbali, motsata mzere wa otchinga, kuti liwiro likhale litakwana koma iye asanapitirire, ndipo amakhotera kugolo pamene waona mwendo wa mnzake ukutsikira pa mpira. Akafulumira ndi phazi limodzi, mbendera ikwera. Akachedwa, wotchinga amupeza. Lamulo la 1990 linampatsa wosewera wotere ufulu woyambira pa mzere weniweniwo m'malo moyambira kumbuyo kwake.

Kukhala pamalopo si mlandu

Pali chinthu china chofunika kuchimvetsa. Kungokhala pa malo a ofusayidi si kulakwa. Woyimbira amaliza wezulo pokhapokha wosewerayo atalowerera m'masewero, ndipo kulowerera kuli m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo kuusewera kapena kuukhudza mpira umene wachokera kwa mnzake. Njira yachiwiri ndiyo kusokoneza mdani, monga kuima patsogolo pa goloboyi kotero kuti sangaone mpira, kapena kulimbirana mpira ndi wotchinga. Njira yachitatu ndiyo kupindula ndi malowo: mnzako wamenya mpira kugolo iwe uli pa malo a ofusayidi, mpirawo wagunda mtengo wa golo kapena goloboyi wautchinga, nubwerera kwa iwe, iwe nkuusewera. Pamenepo walakwa, ngakhale mpirawo sunachokere kwa mnzako molunjika.

Choncho wosewera amene ali pa malo a ofusayidi kutali kumanzere, pamene mpira waperekedwa kwa mnzake wa kumanja amene ali pabwino, sanalakwe, ndipo chigoli chikalowa chiwerengedwa. Ichi ndicho chifukwa chake wonyamula mbendera wodziwa ntchito amadikira pang'ono kuti aone amene apite ku mpira.

Nanga mpira ukachokera kwa mdani? Ngati wotchinga anali ndi mpata wokwanira ndipo wausewera mwadala, monga kuubwezera kwa goloboyi wake koma nkulephera kulunjika, amene waulandira alibe mlandu. Koma ngati mpira wangomugunda wotchingayo iye asanakonzeke, kapena ngati iye amatchinga mpira umene unkalowa m'golo, mlandu wa ofusayidi ukhalapobe.

Pali nthawi zitatu pamene kulibiretu ofusayidi: wosewera akalandira mpira molunjika kuchokera ku golokiki, kuchokera kwa mnzake amene akuuponya ndi manja utatulukira m'mbali, kapena kuchokera ku kona. Mawu akuti "molunjika" muwasunge bwino. Chigoli cha Vela chija chinayambira pa kona, koma mnzake anaukhudza mpira usanafike kwa iye, ndipo pa kukhudza kumeneko malo a osewera onse anayesedwa mwatsopano. Zindikiraninso kuti firikiki siili m'gulu limeneli. Pa firikiki ofusayidi ilipo.

Chilango cha ofusayidi ndi firikiki yosalunjika, ndiye kuti mpira uyenera kukhudzidwa ndi wosewera wina chigoli chisanawerengedwe. Woyimbira amasonyeza zimenezi pokweza mkono umodzi m'mwamba. Firikikiyo imamenyedwera pamene wolakwayo analowerera m'masewero. Ofusayidi payokha siibweretsa khadi yachikasu kapena yofiira.

Ntchito ya wonyamula mbendera

Woyimbira wapakati sangaone kulingana bwinobwino, chifukwa nthawi zambiri amakhala kumbuyo kwa osewera. Pa chifukwa chimenechi pali omuthandiza awiri onyamula mbendera, aliyense ndi chigawo chake cha bwalo. Ntchito ya aliyense ndi kuyenda m'mbali mwa bwalo molingana ndi mdani wachiwiri nthawi zonse, kapena molingana ndi mpira ngati mpirawo wapitirira mdani wachiwiriyo.

Akatsalira kapena kupitirira ndi mamita ochepa okha, maso amamunamiza. Mungayese nokha. Imikani mabotolo awiri pa mzere umodzi, lina pafupi nanu, lina patali. Mukaima pa mzerewo, botolo lapafupi libisa lapatali. Mukasuntha pang'ono kumanja, lina lioneka ngati lili kutsogolo kwa linzake. Mukasuntha kumanzere, zisinthana. Mabotolowo sanasunthe, mwasuntha ndinu. Ndiye chifukwa chake anthu awiri okhala malo osiyana pa bwalo la Khosa angathe kukangana mpaka dzuwa kulowa, aliyense akunena zimene waonadi.

Pa mipikisano ikuluikulu amagwiritsa ntchito makina a kanema, amene anayamba kuthandiza oyimbira pa mpikisano wa dziko lonse m'chaka cha 2018. Amaimitsa chithunzi pa kamphindi kamene mpira wakhudzidwa, najambula mizere pa ziwalo ziwiri zija. Makinawo sanasinthe lamulo, amangoyesa mosamala kuposa diso. Pa masewero a sukulu makina otere kulibe. Choncho, aphunzitsi, mukapatsidwa mbendera tsatani malangizo amene oyimbira amaphunzitsidwa: ngati simunaone bwino kuti wosewera wapitirira, musakweze mbendera. Lamulo limafuna kuti wosewera akhale atapitirira, ndipo chimene diso lanu laona ngati kulingana muchitenge kuti ndi kulingana.

Zochita pa bwalo la sukulu

Aphunzitsi, lamuloli ana amaligwira msanga pa bwalo kusiyana ndi pa bolodi. Tengani chingwe chachitali, mpira umodzi ndi ana asanu ndi awiri. Mmodzi akhale goloboyi, awiri otchinga, mmodzi wopatsira mpira, mmodzi wolandira, ndipo awiri agwire chingwe, wina mbali iyi ya bwalo, wina mbali inayo. Ana otsala aime m'mbali.

Osewera ayende pang'onopang'ono. Pamene wopatsira wakhudza mpira, inu ombani m'manja, ndipo aliyense aime chomwecho osasuntha, ngakhale mwendo uli m'mwamba. Funsani kalasi kuti mdani woyamba ndani, wachiwiri ndani, ndipo chiwalo chake chapafupi ndi mzere wakugolo ndi chiti. Ogwira chingwe achikoke modutsa pa chiwalocho, moongoka bwino. Tsono onse aone ngati mutu, thupi kapena phazi la wolandira ladutsa chingwe. Bwerezani kangapo. Ulendo wina goloboyi atuluke, ulendo wina wolandira aloze ndi mkono, ulendo wina mpira ukhale kutsogolo kwa onse. Potsiriza lolani kuti athamange, ndipo ana a m'mbali asinthane kunyamula kansalu m'malo mwa mbendera.

Mafunso

Ana inu, yankhani mafunso awa m'makope mwanu musanawerenge mayankho.

1. Nambala 9 waponda mzere wapakati, palibe chiwalo chake chimene chaupitirira, ndipo otchinga onse ali kumbuyo kwake. Mnzake wamupatsira mpira. Kodi walakwa?

2. Goloboyi watuluka mpaka pa mzere wa bokosi lalikulu. Wotchinga mmodzi yekha waima pa mzere wakugolo. Nambala 9 ali pa kadontho ka penate, mamita 11 kuchokera kugolo, ndipo mnzake amene ali kunja kwa bokosi wamupatsira mpira. Kodi walakwa?

3. Bondo la Nambala 9 lafika pamene pafika chidendene cha mdani wachiwiri, koma dzanja lake lapitirira. Kodi ali pa malo a ofusayidi?

4. Nambala 9 walandira mpira molunjika kuchokera ku golokiki ya timu yake ali yekha kufupi ndi bokosi la adani. Kodi walakwa?

Mayankho ake ndi awa. Loyamba, sanalakwe, chifukwa sanalowe m'chigawo cha adani. Lachiwiri, walakwa, chifukwa mdani wachiwiri ndi goloboyi amene ali pa mamita 16.5, ndipo Nambala 9 wampitirira iyeyo pamodzi ndi mpira. Lachitatu, ayi, walingana, pakuti dzanja siliwerengedwa. Lachinayi, sanalakwe, chifukwa pa golokiki palibe ofusayidi.

Amene walakwitsa funso lachiwiri abwerere ku nkhani ya Khune ndi Pienaar, ajambule bwalo m'kope mwake, aikemo osewera atatuwo, ndipo awerengenso kuyambira pa mzere wakugolo.